Kutopa Kosatha ndi Tulo

Munthu akalima tsiku lonse m'dimba la mbatatesi kuno ku Lobi amatopa, koma akadya nsima nagona, m'mawa amadzuka ali ndi mphamvu. Kutopa kotere sikudetsa nkhawa. Koma kulipo kutopa kwina kumene kumadza pang'onopang'ono munthu akasenza ntchito yolemetsa mtima kwa miyezi yambiri popanda womulandira. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatchula zizindikiro zake zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Bungweli linkanena za anthu apantchito, koma ife poyendera midzi timaona zomwezi mwa anthu odwazika matenda kunyumba.

Tiyerekeze mayi amene akusamala apongozi ake ofa ziwalo. Usiku amadzuka katatu kukawatembenuza, m'mawa amachapa zofunda, kenaka n'kuthamangira kudimba kukathirira. Mwezi woyamba amatopa ndithu, koma akagona bwino Lamulungu, Lolemba amadzuka wopepukidwa. Pofika mwezi wachitatu zinthu zasintha. Mlamu wake atamulandira usiku umodzi, iye wagona mpaka kucha, koma wadzuka thupi lili lolemera ngati sanagone. Ichi ndicho chizindikiro choyamba.

Chachiwiri chimaonekera mu mtima. Apongozi akaitana, mayi uja amayamba wausa moyo, mwina kukhala ngati sanamve, pambuyo pake n'kumadziimba mlandu. Ana amawakalipira pa zinthu zazing'ono, ndipo kukwaya kumene ankakukonda wasiya kupitako. Anthu amati wasanduka wouma mtima, chonsecho watheratu. Chachitatu ndi kuiwalaiwala: wapsereza ndiwo kawiri, ndipo sakumbukira ngati odwala amwa mankhwala a m'mawa.

Zikafika apa, kupuma tsiku limodzi sikukwanira, pakuti mawa lake katundu ali yemweyo. Chofunika ndi kuchepetsa katunduyo. Mutu umodzi susenza denga. Abale akhale pansi agawane masiku, aliyense adziwe usiku wake, kuti wodwazika azigona osadzutsidwa masiku angapo pamlungu. Ntchito yothirira kudimba ipatsidwe kwa wina.

Komanso musafulumire kunena kuti ndi kutopa chabe. Kuchepa kwa magazi, malungo, chifuwa chachikulu, matenda a shuga ndi kachilombo ka HIV zimafooketsanso thupi. Choncho pitani kuchipatala cha Lobi akakuyezeni, makamaka ngati mukuonda, mukutsokomola kapena thupi likutentha. Ngati mwatha milungu iwiri muli achisoni, osakondwa ndi chilichonse, uzani adokotala mosabisa, chifukwa amenewa akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo thandizo lake lilipo. Mukaganiza zodzipha, musadikire: uzani mbale wanu, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu amene mwaperekeza wodwala lero, tadzifunsani: kodi ndi liti pamene mudadzuka m'mawa muli opepukidwa? Ngati simukukumbukira, pamene adokotala akuona wodwala wanu, afotokozereninso za inu mwini.