Kuwerenga maulendo a kuchipatala: njira ya Poisson

Mwana amapita kuchipatala kamodzi, kawiri kapena osapitako n'komwe. Palibe ulendo wa theka. Manambala otere ndiwo akatswiri amawafotokoza ndi njira ya Poisson, yomwe imaonetsa mmene chinthu monga mtunda chimachulukitsira kapena kuchepetsera maulendo oyembekezeka.

Tiyerekeze kuti ana okhala pafupi amapita 4 pachaka, ndipo kukhala kutali kumachulukitsa nambalayo ndi 0.75. Ndiye kuti akutali amapita 3.

Koma njirayi ili ndi lamulo: variyansi, muyeso wa kusiyana kwa manambala, ifanane ndi avareji. Kuchipatala lamuloli limasweka kawirikawiri, chifukwa ana ochepa odwaladwala amabwera mobwerezabwereza pamene ambiri sabwera.

Poyesa, wofufuza amatenga chiwerengero cha Pearson n'kuchigawa ndi nambala ya ana, atachotsapo nambala ya zinthu zomwe njirayo yayerekeza. Yankho likayandikira 1, zili bwino. Likafika 4, kukayikira kwenikweni pa zotsatira ndi kowirikiza kawiri kuposa komwe kompyuta yaonetsa, ndipo mtunda ungaoneke wamphamvu usali. Apo amasinthira ku njira ina, monga `glm.nb` mu pulogalamu ya R.