Mphindi zisanu mu ofesi ya bwana

Kwathu kuno mlendo akafika pakhomo sayamba ndi chimene wadzera. Amakhala pansi, kumwa madzi, kenako n'kuchita malonje: anadzuka nthawi yanji, anawasiya bwanji kumudzi, mtsinje anawoloka bwanji. Chimene chamuyendetsa chimatuluka kumapeto, mitima itakhala pansi. Ndi mwambo wabwino, ndipo pakhomo uyenera kukhalapobe. Vuto limabwera tikaunyamula n'kulowa nawo mu ofesi ya manijala amene wangotuluka mu msonkhano wina, foni ikulira, dalaivala akumudikira panja. Iye wati, "Ndili ndi mphindi zisanu zokha, nenani." Ife timayamba ndi za Lolemba lapitali. Pofika pa nkhani yeniyeni, bwana aimirira kale, ndipo yankho lake ndi lija lodziwika: "Tikambirana ndikabwerako."

Tikatero timati bwana ndi wovuta, sachedwa kutopa ndi anthu. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri munthuyo walephera kugamula chifukwa sanamve kuti akufunika kugamula chiyani. Mphindi zisanuzo cholinga chake n'chakuti mutulukemo ndi "inde" kapena "ayi", ndipo mawu alionse osathandiza kufika pamenepo ayenera kutsala panja.

Dandaulo la akuluakulu pa nkhaniyi ndi lakale. Pa 9 Ogasiti 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, nduna yaikulu ya dziko la Britain, Winston Churchill, inalembera nduna zake ndi akuluakulu a boma kalata yosadzaza n'komwe tsamba limodzi. Inadandaula kuti malipoti ambiri ndi aatali mopitirira, ndipo owerenga amataya nthawi ndi mphamvu posakasaka mfundo zofunika. Inapempha kuti mfundo zikuluzikulu zizilembedwa m'ndime zifupizifupi, ndipo ziwerengero zambiri ndi kusanthula kwakuya ziziikidwa padera kumapeto, kuti wozifuna akazipeze kumeneko.

Achipatala nawo anakumana ndi vuto lomweli. Namwino akaimbira dokotala usiku n'kuyamba kufotokoza mwatsatanetsatane, dokotala wotopa amatha kuphonya chinthu choopsa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la zaumoyo la Kaiser Permanente ku America linayamba kuphunzitsa antchito ake ndondomeko yotchedwa SBAR, imene mmodzi mwa oyambitsa ake anali atagwirapo ntchito m'sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Ili ndi magawo anayi otsatizana: chimene chikuchitika pakali pano, mbiri yochepa yofunika kuti chimveke, mmene wolankhulayo akuonera vutolo, ndi chimene akupempha kuti chichitike. Masiku ano imaphunzitsidwa m'zipatala za m'mayiko ambiri. Mu ofesi, ine ndimakonda kuti pempholo likwere pamwamba penipeni, litsatane ndi chiganizo choyamba, chifukwa bwana akhoza kuitanidwa musanafike pa gawo lachinayi.

Tiyerekeze kampani yogula ndi kugulitsa mbewu. Inasainirana kontirakiti ndi fakitale ina ku Kanengo kuti ipereke matumba 600 a soya pofika Lachisanu. Matumba 300 anapita kale, 300 akadali m'nyumba yosungiramo katundu ku Mchinji. Lolemba giyabokosi ya lole ya kampaniyo yafa. Lero ndi Lachiwiri m'mawa, ndipo woyang'anira magalimoto wapatsidwa mphindi zisanu.

Akatsata chizolowezi, ayamba ndi phokoso limene dalaivala anamva ali pa Namitete, mmene anaimbira foni, mmene makaniko anachedwera, mkangano wa ndani analephera kuthira oyilo. Zonsezo n'zoona, ndipo tsiku lina zidzafunika. Koma lero bwana sakufunika kuweruza dalaivala. Tamverani mmene munthu wokonzeka angayambire, atapereka moni wachidule:

"Bwana, ndikupempha chilolezo chanu chobwereka lole pa K800,000 kuti ikatenge soya wotsala ku Mchinji. Yankho likufunika isanakwane 2 koloko lero, apo ayi mwini lole akukanyamula fodya. Lole yathu yafa giyabokosi, ndipo matumba 300 akuyenera kukhala ali ku Kanengo Lachisanu."

Sipanathe theka la mphindi, koma bwana adziwa kale chimene akupemphedwa, ndalama zake, nthawi yomalizira, ndi chifukwa chake. Ngakhale foni italira pano, akhoza kuyankha ali m'galimoto.

Kenako zibwere njira zimene zilipo, ndipo zisapitirire zitatu. "Tikadikira lole yathu, makaniko akuti masiku 6, chifukwa chipangizo chikuchokera ku Blantyre. Ndiye kuti katundu afika Lachiwiri la mawa. Kontirakiti ikuti tizilipira K150,000 pa tsiku lililonse lochedwa, masiku 4 ndi K600,000, kuphatikizapo mafuta athu pafupifupi K250,000, zonse K850,000. Ndinayesa kupempha a ku fakitale dzulo kuti atiwonjezere masiku, akana. Choncho ndalama n'zosasiyana kwenikweni. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti masiku 6 a makanikowo ndi ongoyerekeza. Chipangizo chikachedwa, chindapusa chizingokwera. Maganizo anga ndi akuti tibwereke."

Apa akhale chete. Ambiri zimativuta, chifukwa bata la mu ofesi ya bwana limaopsa, ndiye timalidzaza ndi mawu obwereza zimene tanena kale. Komatu mwa mphindi zisanu zija, zanu ndi ziwiri zokha. Zitatu zotsalazo ndi za bwana kuti afunse, aganize, agamule. Wolankhula mphindi zonse zisanu amatuluka atanena zonse koma alibe yankho.

Taonani kuti woyang'anira magalimotoyu sanabise kuti njira imene sakuifuna ili ndi mtengo wofanana ndi imene akuifuna. Akanatha kukokomeza, kunena kuti kudikira n'kokwera mtengo kwambiri. Bwana wodziwa ntchito amawerengetsa yekha m'mutu, ndipo akakupezani mwapotoza chiwerengero kamodzi, ulendo wina adzafuna fayilo yonse asanayankhe chilichonse. Liwiro la chigamulo limadalira kwambiri pa mmene amakukhulupirirani.

Chinanso chimene chimatipinga ndi mawu aja akuti "maganizo anga". Ambiri tinaleredwa kuti wamng'ono sauza wamkulu chochita, ndiye timangotula vuto patebulo n'kunena kuti, "Inuyo bwana muona mmene mungachitire." Zimamveka ngati ulemu, koma kwenikweni tamusenzetsa ntchito imene tinalembedwera ifeyo. Munthu amene wakhala ndi makaniko, wawerenga kontirakiti, waimbira eni malole atatu, ndi amene akudziwa bwino nkhaniyi kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Kunena maganizo sikulanda mpando. Bwana akhoza kukana, ndipo kukana maganizo omveka bwino n'kwachangu kusiyana ndi kuyamba kuganiza kuyambira pachiyambi.

Mafunso akayamba, padzakhala limodzi limene simunalikonzekere. Mwina bwana afunsa kuti, "Katundu wathu akakhala pa lole ya eni, inshuwalansi ikumuteteza?" Ngati simukudziwa, musayankhe kuti "ndikhulupirira choncho". Nenani kuti, "Sindinafufuze, bwana. Ndiimbira a inshuwalansi pompano, ndikuyankhani pofika 11 koloko." Nthawi zambiri bwana amagamula pomwepo motsamira pa yankholo: ngati ikuteteza, bwerekani. Ndiye kuti chigamulo mwachipeza, ndipo simukufunikanso mphindi zina zisanu.

Kufupikitsa kuli ndi ngozi yake, ndipo ndi yaikulu. Pofuna kuti nkhani ikhale yaifupi ndi yosakhumudwitsa, chinthu choipitsitsa chimakankhidwira pansi kapena kuchotsedwa. Pa 16 Januwale 2003, chombo cha ku America chopita m'mlengalenga chotchedwa Columbia chikunyamuka, chibenthu cha thovu louma lotetezera thanki ya mafuta chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chili m'mwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anafotokozera akuluakulu a NASA za ngoziyo pogwiritsa ntchito masamba oonetsa pakhoma. Mutu wa tsamba limodzi lofunika unkamveka wolimbitsa mtima. Pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono, ndi pamene panalembedwa kuti chibenthucho chinali chachikulu kuwirikiza pafupifupi ka 640 poyerekeza ndi zimene anaziyesapo, kutanthauza kuti zoyesa zawozo sizikanatha kunena motsimikiza za phikolo. Pa 1 Febuluwale chombocho chinasweka pobwerera padziko, ndipo anthu onse 7 anafa. Zifukwa zinali zambiri, koma komiti yofufuza inatchulanso tsambali, n'kunena kuti mkulu wotanganidwa akanatha kuliwerenga osazindikira kuti likukamba za moyo ndi imfa.

Mu nkhani yathu ya soya, chofanana ndi chibenthu chija chingakhale ichi: tinene kuti woyang'anira nyumba yosungiramo katundu wanena kuti matumba ena anyowa. Ngati n'choncho, mawu amenewo ayenera kumveka m'mphindi yoyamba, chifukwa akusintha funso lonse. Palibe phindu lolipira K800,000 kunyamula katundu amene akakanidwe pageti. Poyesa ngati mwakonza bwino nkhani yanu, dzifunseni kuti ndi chinthu chiti chimene bwana angakwiye nacho kwambiri atachimva mawa kwa munthu wina. Chimenecho ndiye chikhale pamwamba.

Si nkhani zonse zimene zimakwana m'mphindi zisanu, ndipo kuikakamiza yosakwana n'kulakwira bwana. Kuchotsa munthu ntchito kumafuna kuti mwiniwake amvedwe kaye, monga malamulo a ntchito amanenera. M'maofesi a boma, kugula katundu kumadutsa ku komiti yoona zogula ndipo kumafuna makoteshoni, kotero "inde" wa m'khonde sangalowe m'malo mwa ndondomekoyo. Pa nkhani zotere, mphindi zisanu zigwire ntchito yopempha tsiku la msonkhano ndi kutchula amene ayenera kukhalapo. Komanso ngati akauntanti sanaone ziwerengero zanu, pitani kwa iye kaye. Bwana akangofunsa kuti "A zachuma akuti bwanji?" inu n'kusowa chonena, nkhani yathera pomwepo.

Musanatuluke, bwerezani chimene mwamva: "Ndiye ndibwereke lole pa K800,000 ngati inshuwalansi ikuteteza katundu, ndipo ndikudziwitsani soya akatsitsidwa ku Kanengo." Mukafika pa desiki yanu, lembani zomwezo m'mizere itatu, mutumize kwa bwana ndi kwa akauntanti, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Munthu amene wagamula nkhani khumi tsiku limodzi sangakumbukire kuti anavomera K800,000 kapena K600,000, ndipo ofesi ya zachuma situlutsa ndalama pa mawu apakamwa.