Kodi kiriyatini amayambitsa dazi? Tiwerenge lipoti lenilenilo



Anyamata amene amakonda mpira ndi kunyamula zitsulo anamvapo za ufa woyera wotchedwa kiriyatini, umene pa botolo umalembedwa creatine. Mitu ya nkhani zokhudza ufawu imabwera pawiri. Ina imaopseza kuti umathothola tsitsi. Ina imalonjeza kuti umathandiza ubongo, mwinanso kuchiza matenda a kuiwala a okalamba. Mitu yonseyi imayamba ndi mawu akuti kafukufuku wapeza. Wachinyamata akhoza kuchita mantha pachabe, ndipo kholo limene likudwazika agogo likhoza kutaya ndalama zogulira chakudya. M'kalasi la Hadith timafunsa kuti nkhani yachoka kwa yani tisanailandire. Tichite chimodzimodzi pano: titsegule malipoti amene ali kuseri kwa mituyo.

Kiriyatini si chinthu chachilendo m'thupi. Chiwindi ndi impso zimapanga pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo wina timamupeza mu nyama ndi nsomba. Wambiri amasungidwa m'minofu, momwe amathandiza pa ntchito yamphamvu ya kanthawi kochepa, monga kuthamanga liwiro kapena kunyamula chinthu cholemera. Pa ntchito imeneyi, mwa anthu akuluakulu, wayesedwa kambirimbiri ndipo amathandizadi pang'ono. Mkangano uli pa zinazo.

Lipoti limene linabala mphekesera ya dazi

Nkhani ya tsitsi inachokera pa kafukufuku mmodzi amene anachitika ku South Africa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Stellenbosch, ndipo lipoti lake linatuluka m'chaka cha 2009. Anatenga anyamata osewera ragibi a msinkhu wa ku koleji n'kuwapatsa magalamu 25 a kiriyatini patsiku kwa masiku 7, kenako magalamu 5 patsiku kwa masiku 14. Nthawi ina anyamata omwewo anapatsidwa shuga yekha, osadziwa kuti akumwa chiyani. Chinthu chongoyerekezera choterechi chimatchedwa pulasibo. Atawayeza magazi, anapeza kuti homoni yotchedwa DHT inakwera ndi 56 peresenti patatha masiku 7 akumwa kiriyatini. Poti DHT imafooketsa mizu ya tsitsi mwa amuna amene dazi lili m'mtundu mwawo, nkhani inafala kuti kiriyatini amayambitsa dazi.

Malipoti oterewa amalembedwa m'Chingerezi ndipo amakhala ndi zigawo zofanana. Pamwamba pamakhala chidule, pamutu wakuti Abstract. Ambiri amalekera pomwepo. Ife tipite pa chigawo cha Methods, chofotokoza momwe ntchito inayendera, ndi cha Results, chokhala ndi manambala.

Funso loyamba: anthu analipo angati? Chidule chimatchula anyamata 20 amene anadzipereka, koma amene anamaliza anali 16. Kuti tione vuto la gulu laling'ono, taganizirani oyimbira mpira akuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Akaiponya maulendo 16, timayembekezera kuti mbali iliyonse igwa maulendo 8. Komatu kuti mbali imene mwasankha igwe maulendo 11 kapena kuposerapo si zodabwitsa, zimachitika pafupifupi kamodzi pa kuyesa kakhumi kalikonse, ndalamayo ilibe vuto lililonse. Akaiponya maulendo 1,600 n'kugwera mbali imodzi maulendo 1,100, pamenepo ndalamayo ili ndi nkhani. Anthu akachepa, zongochitika mwangozi zimaoneka ngati zoona. Mahomoni nawo amakwera ndi kutsika okha, choncho anyamata awiri kapena atatu akhoza kukoka zotsatira za gulu lonse.

Funso lachiwiri: peresentiyo ikuyambira pati? Mwana amene anapeza malikisi 20 kenako n'kupeza 30 wakwera ndi 50 peresenti, koma sanafike patali. Mu lipotili, pamene anyamata ankayamba kumwa kiriyatini, DHT yawo inali pa 0.98 pa muyeso wa m'labotale. Pamene ankayamba kumwa pulasibo inali kale pa 1.26. Itakwera ndi 56 peresenti ija inafika pa 1.53, mlingo umene ndi wabwinobwino mwa mwamuna wathanzi. Mbali ziwirizo zinayambira posiyana, ndipo ichi n'chizindikiro choti tisamale ndi kusiyana kwa pamapeto.

Funso lachitatu ndilo lalikulu: anayeza chiyani kwenikweni? Anayeza magazi. Sanawerenge tsitsi, sanajambule mitu ya anyamatawo, ndipo masabata atatu ndi ochepa kuti dazi lioneke. Mutu wa nkhani unalumpha kuchoka pa nambala ya m'magazi kukafika pa chinthu chimene palibe anachiyang'ana.

Sitikunena kuti akatswiriwo ananama. Anachita bwino kugwiritsa ntchito pulasibo ndi kubisa chimene aliyense ankamwa, ndipo analemba zimene anaona. Ntchito ya kafukufuku wamng'ono ndi kudzutsa funso. M'chaka cha 2025 kunatuluka lipoti lina la amuna 38 amene anamaliza masabata 12, ena akumwa magalamu 5 a kiriyatini patsiku, ena pulasibo. Ulendo uno tsitsi linayezedwa, ndipo panalibe kusiyana pa tsitsi kapena pa DHT. Tichite chilungamo: 38 ndi ochepanso, ndipo masabata 12 si zaka. Chimene tinganene n'chakuti umboni woti kiriyatini amathothola tsitsi ndi wofooka kwambiri, ndipo atayesanso sunaoneke.

Mmene kafukufuku wamkulu amaonekera

Kuti tione kusiyana, tisiye tsitsi tipite ku ubongo. Matenda a Parkinson, amene anavutitsa katswiri wa nkhonya Muhammad Ali, amachititsa munthu kunjenjemera, kuuma thupi ndi kuyenda movutikira. Poyesa pa mbewa, kiriyatini anaoneka ngati amateteza maselo a mu ubongo. M'chaka cha 2006 kunatuluka zotsatira za odwala 200 amene anagawidwa m'magulu atatu n'kutsatiridwa kwa chaka chimodzi. Zotsatirazo sizinanene kuti kiriyatini amachiza. Zinangoti asatayidwe, ayesedwe mokwanira.

Ndiye anamuyesadi. Boma la America linalipira kafukufuku wa odwala 1,741 m'malo 45 a ku America ndi Canada, kuyambira m'chaka cha 2007. Odwala 874 ankamwa magalamu 10 a kiriyatini patsiku, ndipo 867 ankamwa pulasibo. Cholinga chinali chowatsatira kwa zaka zosachepera zisanu.

Taonani zimene zimalimbitsa ntchito yotere. Wodwala sankasankha gulu, dokotala sankamusankhiranso. Ankagawidwa mwachisawawa ndi dongosolo lokonzedweratu, kuti odwala kwambiri ndi odwala pang'ono, achikulire ndi ocheperapo, apezeke mbali zonse mofanana. Wodwala ndi womuyeza yemwe sankadziwa chimene chili m'paketi, kuti chiyembekezo chisapotoze maso. Ndipo sanayeze nambala ya m'magazi, anayeza zimene banja la wodwala limafuna kudziwa: kodi akuyenda bwanji, akutha kudzisamalira, akuganiza bwino? Zoyezazi zinasankhidwa ntchito isanayambe, kuti munthu asadzasankhe zomukomera ataona kale manambala.

M'chaka cha 2013 anaunika odwala 955 amene analowa zaka zisanu m'mbuyomo. Gulu la kiriyatini silinapose la pulasibo, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa chifukwa kupitiriza kukanakhala kutaya nthawi ya odwala. Lipoti lake linatuluka mu 2015 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Chiyembekezo chimene chinayambira pa mbewa ndi pa gulu laling'ono chinathera pamenepo.

Koma kafukufuku wamkulu nayenso ali ndi malire ake. Amayankha funso limene anafunsa basi. Uyu akutiuza za magalamu 10 patsiku mwa odwala Parkinson amene anali atayamba kale mankhwala awo. Sakutiuza kuti kiriyatini sathandiza minofu ya wothamanga, sakutiuzanso kanthu za mwana wa Folomu 2 amene akukonzekera mayeso. Onse amene tawatchula m'nkhani ino anali akuluakulu, choncho wophunzira asatenge milingo imeneyi ngati malangizo ake. Za ufawu ayambe wakambirana ndi makolo ndi achipatala.

Yesani nokha

Nayi nkhani yatsopano yoti muyeserepo. M'chaka cha 2025 kunatuluka lipoti loti akatswiri a pa yunivesite ya Kansas ku America anapatsa odwala 20 a matenda a Alzheimer, amene amawononga kukumbukira, magalamu 20 a kiriyatini patsiku kwa masabata 8. Kiriyatini wa mu ubongo anakwera ndi 11 peresenti, ndipo odwalawo anakhoza bwinoko pa mayeso ena a kuganiza. Mutu wa nkhani ukhoza kunena kuti ufa wa ochita masewera wapereka chiyembekezo kwa odwala matenda a kuiwala.

Tifunse mafunso athu aja. Anthu angati? Ndi 20. Kwa nthawi yaitali bwanji? Miyezi iwiri, pa matenda amene amatenga zaka. Anawayerekeza ndi yani? Palibe. Onse ankamwa kiriyatini ndipo ankadziwa. Aphunzitsi tonse tikudziwa kuti munthu akalemba mayeso ofanana kachiwiri amakhoza bwinoko chifukwa wawazolowera. Popanda gulu la pulasibo, palibe njira yosiyanitsira kuzolowera kumeneku ndi ntchito ya ufawo. Olemba lipotilo anachita kunena okha kuti uku kunali kuyesa koyamba, kofuna kuona ngati odwala angathe kumwa ufawo tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa malipoti oterewa pamakhala mawu akuti pilot kapena single-arm, ndipo mukawaona dziwani kuti ntchito yangoyamba. Mukaona randomized, double-blind ndi placebo-controlled, ndiye kuti panali kugawa mwachisawawa, kubisa ndi gulu loyerekezera. Mukatero funafunani chilembo cha n, chimene chimaimira chiwerengero cha anthu, ndipo muone amene anamaliza, osati amene anayamba.

Nkhani ya Alzheimer ili pamalo pamene nkhani ya Parkinson inali chisanafike chaka cha 2007. Mwina kafukufuku wamkulu adzavomereza, mwina adzakana ngati mmene zinathera ulendo uja. Pakadali pano, amene akudwazika agogo kunyumba asasiye mankhwala a kuchipatala kapena kuchepetsa chakudya kuti agule botolo chifukwa cha odwala 20 amene sanayerekezedwe ndi aliyense. Ndipo mnyamata amene wamva za dazi adziwe kuti anyamata 16 a ragibi aja palibe anawayang'ana m'mutu.