MRSA: Kadoyo Kamene Kasamva Mankhwala, Kayenda ndi Manja Athu

Ola loona odwala likakwana pa UTH, anthu amatsika m'mabasi ocokera ku Kabwata, Woodlands ndi Chelstone ali ndi vikapu vya nsima ku manja. Tikalowa mu wadi timapatsana moni, tigwira bedi, tikonza bulangeti, ena mpaka kusendako bandeji kuti aone mmene cilonda cilili. Zonsezi n'zacikondi, koma ndiye njira imenenso kadoyo kochedwa MRSA kamayendamo.

Kadoyo aka ndi ka banja la sitafilokokasi. Pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse ali ndi sitafilokokasi m'mphuno kapena pa khungu, ndipo sadwala. Vuto imayamba kakapeza polowera. Pamenepo ndiye mumaona cithupsa, cilonda ca mafinya, nthawi zina kalowa mpaka m'magazi ndi m'mafupa.

Manje MRSA isiyana pati? Ndi maso simungasiyanitse: mafinya ni amodzimodzi, kutupa n'cimodzimodzi. Kusiyana kuli pa mankhwala. Kilokisasilini, amene madokotala amalemba kawirikawiri pa zilonda zotere, amapha kadoyo poletsa cida cimene kamamangira cikopa cake. Cikopa cikalephera kumangika, kadoyo kamaphulika. MRSA ili ndi cida caciwiri cimene mankhwalawo sagwira bwino, ndiye imapitiriza kumanga olo mumwe makapisozi bwanji. Amokisilini ndi jekeseni wa sefitirayakisoni naonso amalephera pa cifukwa comweco. Anaitulukira koyamba ku England mu 1961, mankhwala a metisilini atangoyamba kumene kugwiritsidwa nchito. Kwathu kuno, kafukufuku wa pa UTH amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti pa tudoyo twa sitafilokokasi tumene anapima, topitirira 4 pa 10 tunali MRSA.

Tiyerekeze mai wa ku Chelstone amene wabala mwa opaleshoni. Patapita masiku 5 cilonda cafiira, catupa, ciyamba kukha mafinya, thupi yatentha. Amupatsa kilokisasilini. Ngati ni sitafilokokasi wamba, pa masiku awiri kapena atatu kutentha kumatsika ndipo kufiira kumabwerera. Ngati ni MRSA, kufiira kumangokula. Apa dokotala amatenga mafinya na kathonje n'kutumiza ku labu, kumene amameretsa kadoyoko m'kambale ndi kukayesa ndi mankhwala osiyanasiyana. Yankho imatenga masiku awiri kapena atatu. Ikakhala MRSA ndipo matenda akula, kawirikawiri amacotsa mafinya n'kuika vankomaisini, wa pa dilipi, wodula, wofunanso kupima impso pafupipafupi. Mai amene anayenera kutuluka msanga amagona masiku ena ambiri, ndipo a pabanja ndiye amalipira basi tsiku lililonse.

Nanga n'cifukwa ciani imakonda m'cipatala? Coyamba, khungu ndiye mpanda wathu, ndipo mu wadi pafupifupi aliyense mpanda wake ni wobooka: opaleshoni, cilonda ca moto, nsingano ya dilipi, paipi ya mkodzo. Caciwiri, odwala ambiri ali pa mankhwala opha tudoyo. Mankhwalawo amasesa tudoyo tofooka, MRSA itsala yokha na malo onse. Cacitatu, kadoyo aka sikafa msanga pouma. Kangakhale masiku, ngakhale masabata, pa nsimbi za bedi, pa makatani, pa foni. Nesi mmodzi akakhala ndi odwala ambiri, manja amodzimodziwo amacoka pa bedi iyi kupita pa ina. Ofufuza ena pa UTH, mu 2015 momwemo, anapeza tudoyo, kuphatikizapo sitafilokokasi, pa makhoti oyera a anchito azaumoyo. Izi sizili m'zipatala za boma cabe. Olo cipatala colipira ca ku Kabulonga cili ndi zilonda, madilipi ndi manja.

Uthenga wabwino ni wakuti MRSA isamva makapisozi ena koma imacoka ndi sopo. Sambani masekondi 20 kapena pakani sanitaiza musanagwire wodwala, ndiponso mukacoka pa bedi pake. Bandeji ndi pamene pali dilipi musagwirepo. Ngati ndinu bedisaida, thaulo, sopo ndi leza za wodwala wanu musabwerekeko a bedi ya pafupi, ndipo mukathandiza wodwala wina kutembenuka, sambani musanabwerere kwa wanu.

Wodwala akatuluka, yang'anani cilonda tsiku lililonse. Kufiira kukamakula, mafinya akamaculuka, kapena thupi ikatenthabe patapita masiku atatu ali pa mankhwala, osathamangira ku kemisti ya mu tauni kukagula makapisozi ena. Bwererani ku cipatala, kaya ni Chilenje, Levy Mwanawasa kapena UTH, muwauze kuti wodwala anagonekedwa posacedwa, mutenge ndi mapaketi a mankhwala amene wamwa, ndipo mufunse ngati mafinya angapimidwe ku labu.