Pansi pena pakuzizira, pena pakutentha

M'nyumba za ku Britain zofunditsa pansi ndi magetsi, waya wa pansi pa matailosi ndi chingwe chimodzi: akaduka, ponse pamazizira. Pakazizira chigawo chokha, kawirikawiri waya anayalidwa motalikirana, kapena mkeka umodzi mwa iwiri wafa.

Onaninso kachipangizo koyeza kutentha. Kakafunditsidwa ndi kapeti, kamazimitsa magetsi msanga, kwina kusanafunde.

Wamagetsi amayamba wazimitsa magetsi, n'kuyeza ndi mita. Mkeka wa mawati 600 pa mavoti 230 uzionetsa maomu pafupifupi 88. Mita ikangoti OL, waya waduka. Musathamangire kuswa matailosi onse. Akatswiri amapeza podukapo ndi kamera yoona kutentha, n'kuchotsa tailosi imodzi kapena ziwiri.