Kuyesa pophunzitsa ndi kuyesa potsiriza

Aphunzitsi anzanga, mayeso a kumapeto kwa teremu, kapena aja a MANEB a sitandade 8, ndi kuyesa kotsiriza. Amatiuza pomwe mwana wafika, koma zotsatira zimabwera phunziro litadutsa kale. Ine ndikufuna tikambe za kuyesa kwina, kochitika phunziro lili mkati, komwe cholinga chake si malikisi koma kusintha kaphunzitsidwe.

Tiyerekeze muli m'sitandade 3, mukuphunzitsa kuchotsera kobwereka. Lembani pa bolodi 52 − 27. Mwana aliyense alembe yankho m'kope, kenaka onse akweze makope nthawi imodzi. Yankho ndi 25, koma ena mudzawaona atalemba 35. Amenewatu si aulesi. Aona kuti 7 sangachotsedwe mu 2, ndiye angotembenuza n'kuchotsa 2 mu 7, kenaka 2 mu 5. Mukangowachonga kuti alakwa n'kupitirira, mwawayesa koma simunawathandize.

Ngati a 35 achuluka, imani pomwepo. Tengani mitolo 5 ya timitengo khumikhumi ndi timitengo 2 tapadera, mwana mmodzi amasule mtolo umodzi anzake akuona. Mitolo itsala 4, timitengo tikhala 12, ndipo 7 achotseka bwinobwino. Kenaka apatseni 43 − 18. Akalemba 25 amva. Akalembanso 35, vuto likadalipo.

Funso loti "Mwamva?" musalikhulupirire. Kalasi yonse imayankha "Eee" ngakhale theka lisanamve.