Chimene chinagwetsa makompyuta 8.5 miliyoni chinali chitapambana mayeso

Pa 19 Julaye 2024, nthawi ya 04:09 UTC, kampani ya ku America yoteteza makompyuta ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kakang'ono kwa makasitomala ake padziko lonse. Inakabweza patadutsa mphindi 78, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Microsoft inawerengera kuti makina a Windows okwana 8.5 miliyoni anazima. M'zipatala zambiri zazing'ono ku England madokotala analephera kutsegula mbiri za odwala, ndipo kampani ya ndege ya Delta inaimitsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Mphekesera yoyamba inali yakuti mbava za pa intaneti zathyola. Panalibe mbava iliyonse. Mphekesera yachiwiri, imene yakana kufa mpaka lero ndipo imatopetsa kumva, imati vuto ndi kusiyira makina ntchito yotulutsa mapulogalamu, ndiye tibwerere kochita pamanja. Ofalitsa zimenezi sanawerenge malipoti amene kampaniyo inatulutsa.

Njira imene akuinenayo ndi paipilaini ya CI/CD. Wolemba pulogalamu akatumiza khodi yake ndi lamulo la `git push`, chida monga Jenkins, GitHub Actions kapena GitLab CI chimaitenga, n'kuimanga kukhala phukusi limodzi, kawirikawiri la Docker, n'kuliyesa ndi mayeso amene analembedwa kale. Likapambana, phukusi lomwelo limapita ku maseva oyeserera, kenako ku maseva a mumtambo, monga a AWS kapena Azure, amene anthu akugwiritsadi ntchito. Mayeso amodzi akalephera, chizindikiro chimafiira ndipo zonse zimaima. Koma chizindikiro chobiriwira sichitanthauza kuti pulogalamu ilibe matenda. Chili ngati kuyeza malungo: magazi akaonetsa kuti mulibe, sananene kanthu za taifodi, chifukwa palibe amene anawafunsa.

Nkhani ya CrowdStrike ikuonetsa zimenezi bwino lomwe, ndipo ndi yofunika kuitsata pang'onopang'ono. Mu Febuluwale 2024 kampaniyo inatulutsa pulogalamu yake ya Falcon, mtundu wa 7.11, yokhala ndi kachipangizo katsopano kounikira ziwembu. Pamapulani ake kachipangizoka kanalembedwa kuti kazilandira zinthu 21 zoti kafananize ndi malamulo ake, koma khodi imene inkakapatsa zinthuzo inkapereka 20 zokha. Mpata umenewu unadutsa mayeso onse, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Malamulo amene ankayesera anali ndi chizindikiro cha "chilichonse" pamalo a 21, choncho pulogalamuyo sinkavutika n'komwe kukayang'ana pamalopo. Mu Malichi mayeso olemetsa anapambana ndipo lamulo loyamba linatuluka. Mu Epulo anatulukanso ena atatu, onse bwinobwino. Kupambana kulikonse kunkawonjezera chikhulupiriro, chonsecho palibe ngakhale kumodzi kumene kunakhudza pamene panali chilonda. Pa 19 Julaye panatuluka malamulo ena awiri, limodzi likufuna chinthu chenicheni pamalo a 21. Chida choyendera malamulo, Content Validator, chinalivomereza poti nachonso chinkakhulupirira kuti zinthuzo zilipo 21. Pulogalamuyo inapita kukawerenga malo amene kunalibe, ndipo poti imagwira ntchito mkati mwenimweni mwa Windows, inagwa pamodzi ndi makina onse.

Cholakwa chotere chingagwere gulu lililonse la olemba mapulogalamu, ndipo sindikuona kuti ndicho chinali tchimo lalikulu. Palibe mayeso amene angafunse mafunso onse. Chimene chinasandutsa cholakwa wamba kukhala tsoka la dziko lonse ndi gawo lomaliza la paipilaini. Khodi ya Falcon inkatulutsidwa pang'onopang'ono, kuyambira pa makina a kampaniyo, koma mafayilo a malamulo, poti ankaonedwa ngati zosintha zazing'ono osati khodi, ankapita kwa onse nthawi imodzi. Kampaniyo inavomereza yokha mpata umenewu polonjeza kuti mafayilo oterewa nawonso aziyamba ndi kagulu kochepa.

Mumtambo, kutulutsa kotereku si kovuta. Tiyerekeze kuti pulogalamu ikuyenda pa maseva 100. Paipilaini imaika phukusi latsopano pa seva imodzi n'kuilozera gawo limodzi mwa magawo 100 a anthu. Kenako imadikira, mwina mphindi 15, ikufananiza seva imeneyi ndi zinzake 99: kodi mayankho olephera, monga aja a nambala 500, achuluka, kodi ikuchedwa kuyankha, kodi ikuzima n'kudzukanso? Manambala akadutsa malire amene anaikidwiratu, paipilaini imabwezera yokha phukusi lakale, osadikira kuti munthu adzuke. Zikakhala bwino imakwera pa maseva 10, kenako 50, kenako onse. Vuto lozimitsa makina nthawi yomweyo, ngati la pa 19 Julaye, likadaonekera pa sitepe yoyamba.

Ofuna kubwerera pamanja akumbukire za Knight Capital, kampani yogulitsa masheya ku America. Pokonzekera tsiku la 1 Ogasiti 2012, katswiri wake anakopera khodi yatsopano pa maseva 7 mwa 8, ndipo panalibe wachiwiri woti aone ntchitoyo. Seva yotsalayo inadzutsa khodi yakale yotchedwa Power Peg, ndipo m'mphindi 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 460 miliyoni, malinga ndi bungwe loyang'anira misika la SEC. Kuiwala seva imodzi ndi cholakwa cha mtundu umene paipilaini imathetsa, chifukwa imachita zofanana paliponse ndipo imasunga mbiri ya chimene chili pa seva iliyonse. Ndipo ku CrowdStrike, munthu wosainira pepala sakadaona kuti 20 si 21 mufayilo imene makina anaivomereza kale.

Chitsutso cholemera ndi china, chokhudza kutulutsa pang'onopang'ono. Kampani yoteteza makompyuta ili pa mpikisano ndi mbava, ndipo ola lililonse lodikira limasiya makasitomala pambalambanda. N'zoona, koma kuchedwako n'kwa mphindi kapena maola ochepa, pomwe kukonza makina ozima kunatenga masiku, chifukwa ambiri anafunika munthu kuwayatsa mu Safe Mode n'kufufuta pamanja fayilo yoyamba ndi `C-00000291`. Makina amene sakudzuka sangalandire mankhwala ochokera kutali.

Njira yotulutsa pang'onopang'onoyi ili ndi malire ake, ndipo oigulitsa sakonda kuwatchula. Vuto limene limayamba kuoneka pakatha sabata, kapena lobwera ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, lidzadutsa mphindi 15 zija mosavuta. Pulogalamu ya anthu ochepa siipeza manambala okwanira pa gawo limodzi mwa 100. Ndipo kubwezera phukusi lakale sikubweza deta: ngati mtundu watsopano wafufuta gawo la nkhokwe ya deta, khodi yakale ikabwerera ipeza malo ake palibe. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amagawa kusintha kotereku patatu: amayamba awonjezera gawo latsopano lakale likadalipo, kenako amasamutsa khodi, ndipo amafufuta lakale patapita nthawi. Wogula pulogalamu ya chipatala kapena banki angofunsa wogulitsayo ngati mafayilo a zosintha amadutsa njira yomweyo imene khodi imadutsa, komanso kuti kubwezera kumatenga mphindi zingati.